Kalata ya msungichuma: phindu lenileni ndi liti?

"Ndine msungichuma wa banki m'khonde yathu kuno ku Chibavi, Mzuzu. Anzanga akufuna kalata ya miyezi itatu yofotokoza mmene ndalama zathu zayendera. Thumba lakwera kuchoka pa K3,000,000 kufika pa K4,350,000. Ndilembe kuti tapindula K1,350,000?"

Ayi mayi, nambala imeneyo musailembe, ingadzakuyambanitseni ndi anzanu tsiku logawana.

Yambani ndi kuchotsa ndalama zimene mamembala asonkha okha. Tiyerekeze kuti m'miyezi itatuyi agula masheya a K900,000. Ndalama imeneyo yangochoka m'matumba mwawo kulowa m'bokosi, sinabereke kanthu. Yotsala ndi K450,000, ndipo kalata yanu iyenera kunena kumene yachokera. Mwachitsanzo, K390,000 ndi chiwongoladzanja cha ngongole, K30,000 yachokera ku banki kumene munatsekera K1,000,000, ndipo K30,000 inayo ndi zindapusa za ochedwa. Thumba la maliro ndi matenda lisalowemo, lili ndi buku lake.

Pamene asungichuma ambiri amagwera ndi pa K390,000 ija. Kodi yonse yafikadi m'manja mwanu? Ngati mamembala awiri anakongola K400,000 onse pamodzi pa chiwongoladzanja cha 10 peresenti pamwezi, ndipo patha miyezi iwiri osabweza kalikonse, ndiye kuti K80,000 ili m'buku mokha. Ichotseni pa K450,000 ija, mulembe kuti phindu lolandiridwa ndi K370,000. Pansi pake, pamzere wakewake, nenani kuti ngongole za K400,000 zapitirira nthawi ndi miyezi iwiri, ndi zimene komiti yachitapo. Mayina musaike, chifukwa kalata imayenda m'mafoni mpaka kwa apongozi a munthu. Mayinawo ndi a pamsonkhano.

Ine ndimalimbikira pamenepa chifukwa buku likhoza kuoneka lonenepa miyezi yonse, koma pofika Disembala anthu n'kugawana ngongole za anzawo m'malo mwa ndalama. Chizindikiro chake sichivuta kuona. Mudzapeza kuti chiwongoladzanja cha m'buku chikukwera mwezi ndi mwezi, pamene ndalama yoti mukongoze wina ikusowa.

Za ku banki nazo muwauze zoona. K30,000 pa K1,000,000 ndi 3 peresenti pa miyezi itatu. Chaka ngati cha 2024, pamene mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka, miyezi itatu inkadya pafupifupi 7 peresenti ya mphamvu ya ndalama. Choncho miliyoniyo yakula pa pepala, koma ikugula shuga ndi mafuta ophikira ochepa kusiyana ndi tsiku limene munaisungitsa. Sindikunena kuti muichotse, pakuti ku banki kulibe wothawa nayo, koma gulu lisankhe likudziwa.

Musanatumize, owerenga ndalama atsegule bokosi pamaso pa osunga makiyi, ayerekeze ndi sitetimenti ya ku banki ndi zimene zili pa foni ya gulu. Ngati pali kusiyana, ngakhale kwa K2,000, kulembeni m'kalatamo, kenako wapampando ndi mlembi asayine pamodzi nanu.