Kusuntha msonkhano wa Lolemba limodzi popanda kusokoneza masabata otsatira

"Ku ofesi kwathu ku Matawale timakumana Lolemba lililonse 8:30 m'mawa, ndipo msonkhanowu uli pa Google Calendar. Lolemba la pa 6 Julaye ndi tchuthi. Ndisunthe bwanji wa tsiku limenelo lokha, nanga anzanga ndiwauze bwanji kuti asasokonezeke? Ena amagwira ntchito ku Jali ndi ku Mayaka."

Zikomo mayi. Musanagwire chilichonse, onani kaye amene anaika msonkhanowo pa kalendala. Ngati si inu, mukausuntha usinthika pa kalendala yanu yokha, kupatula ngati mwini wakeyo analola oitanidwa kusintha. Kwa anzanu ukhalabe pa Lolemba, inu n'kumati ntchito yatheka. Choncho ngati anauika ndi abwana kapena mlembi, apempheni asunthe okha.

Ngati ndi wanu, pitani pa tsiku la 6 Julaye lenilenilo, tsegulani msonkhanowo, sinthani tsiku likhale Lachiwiri pa 7 Julaye, nthawi 10:00, kenako dinani `Save`. Apa kalendala ikufunsani kuti kusinthaku kukhudze ziti, ndipo ambiri amaphonyera pomwepa chifukwa chodina mothamanga. Sankhani `This event`. Mukasankha `This and following events`, misonkhano yonse kuyambira sabata imeneyo isamukira Lachiwiri. `All events`, ikaoneka, ndiye yoipa kwambiri, chifukwa imakhudza ngakhale ya m'mbuyo. Ikakufunsani zotumiza uthenga kwa oitanidwa, dinani `Send`. Mukatero pitani sabata yotsatira mukaone ngati wa pa 13 Julaye udakali pa Lolemba 8:30. Ukapezeka pa 14, ndiye kuti munadina polakwika.

Ena amakonda kufufuta wa tsikulo n'kupanga watsopano. Sitilimbikitsa zimenezo. Anthu amalandira mauthenga awiri, wina woti msonkhano walephereka, wina wowaitana, ndipo amene waona woyamba wokha amangoti sabata ino kulibe. Komanso watsopanowo umabwera ndi linki ina ya Google Meet, pamene anzanu anasunga yakale m'mafoni mwawo. Mukangosuntha, linki, mndandanda wa anthu ndi mfundo zokambirana zimatsatira zokha.

Kwa amene ali pa Outlook, njira ndi yomweyi: tsegulani `Just this one` kapena `This event` malinga ndi mtundu umene muli nawo, kenako mutumize kusinthako. Kungoti Outlook salola kuti msonkhano udumphe unzake wotsatira, ndiye wa pa 6 sungapite pa 15. Ndiponso mukadzasintha nthawi ya misonkhano yonse pambuyo pake, uja munasuntha uja umabwerera m'mzere.

Kalendala payokha siikwanira. Mnzanu amene ali ku Mayaka, komwe netiweki imabwera n'kupita, imelo angaione Lachitatu. Ikaninso uthenga pa gulu la WhatsApp la ku ofesi, wolembedwa chonchi:

"Msonkhano wathu wa Lolemba pa 6 Julaye wasunthidwa chifukwa cha tchuthi. Tikumana Lachiwiri pa 7 Julaye, 10:00 m'mawa, m'chipinda chomwe chija, linki ndi yomwe ija. Kusinthaku ndi kwa sabata imeneyi yokha. Pa 13 Julaye tikumana Lolemba 8:30 monga mwa masiku onse. Nonse mundiuze pofika Lachinayi pa 2 Julaye ngati mukwanitsa kapena ayi."

Taonani kuti tsiku lililonse latchulidwa dzina ndi deti lomwe. Mawu oti "mawa", "mkuja" kapena "sabata yamawa" asapezekemo, chifukwa wowerenga uthengawo patapita masiku awiri amawerengera kuchokera tsiku limene wauona. Chiganizo choti n'kwa sabata imeneyi yokha n'chimene chimaiwalika kawirikawiri, ndipo chikasowa mumapeza anthu atatu atakhala m'chipinda Lachiwiri pa 14 akudikira anzawo. Uthengawu ukhale paokha, musauphatikize ndi nkhani ya malipoti kapena ya galimoto. Ngati ndinu woyang'anira gululo, ukhomeni pamwamba kuti usakwiririke ndi moni wa m'mawa.

Tumizani masiku osachepera anayi ogwira ntchito lisanafike tsikulo, kuti a ku Jali akonze za ulendo. Zizindikiro ziwiri za buluu zija za pa WhatsApp sizitanthauza kuti munthu wamva, choncho amene sanayankhe pofika Lachisanu muimbireni foni. Kumbukirani kuti Lolemba aliyense ali patchuthi, ndiye chikumbutso chomaliza chipite Lachisanu masana, osati usiku wa Lolemba.

Chipinda nacho musachiiwale. Munachisungitsa cha Lolemba 8:30, ndipo Lachiwiri 10:00 n'kutheka kuti muli gulu lina. Funsani amene amasunga buku la chipindacho musanalengeze nthawi yatsopano, kuopa kusuntha kawiri.