Fulashi siikuoneka poyatsa kompyuta

"Ndapanga fulashi yoyikira Windows ndi Rufus, koma kompyuta yanga yakale siikuiona ndikayatsa. Ndalakwitsa pati?"

Achimwene, ipangeninso, koma mu pulogalamu ya Rufus, pa Partition scheme musankhe MBR m'malo mwa GPT. Mukaloza fayilo ya Windows ndi batani la SELECT, Rufus amakonda kuika GPT, ndipo fulashi yotero imadzuka pa makompyuta a UEFI okha, omwe ali ndi dongosolo latsopano loyatsira lolowa m'malo mwa BIOS. Yanuyo ngati ndi ya BIOS yakale, imangoidumpha. Mukasankha MBR, onani kuti pa Target system palembedwa BIOS (or UEFI-CSM), kenako dinani START.

Ngati Windows yakaleyo ikuyakabe, lembani msinfo32 posakira pa Start, muitsegule n'kuona mzere wa BIOS Mode. Pakalembedwa Legacy ndiye MBR, pakalembedwa UEFI siyani GPT.

Fulashi ikhale ya magigabaiti 8 kapena kuposa, ndipo muyambe mwasamutsa zonse zili mmenemo, chifukwa Rufus amafufuta popanda kusiya kanthu. Musaizule mzere wobiriwira usanadzaze n'kulemba READY.

Poyatsa, fulashi yokha siikwanira. Dinani batani losankhira poyambira: F12 pa Dell, F9 pa HP, kenako sankhani fulashiyo.

Ngati hadi disiki ili ndi mafayilo osasungidwa kwina, pitani kaye kwa katswiri wokonza makompyuta musanayambe kuyika Windows.