Malikisi Amene Amathera pa Liwu Limodzi

"Ndili Fomu 4 ndipo ndikukonzekera MSCE. Phunziro ndimalimvetsa, koma pa mafunso ofuna tanthauzo la mawu ndimangopeza theka la malikisi ngakhale ndalemba zoona. Kodi ndiloweze matanthauzo a m'mapepala a mayeso akale, kapena ndizilemba m'mawu anga?"

Kalata imeneyi yanditosa pachilonda, chifukwa pepala langa la Bayoloje la mayeso oyeserera a Fomu 4 ndikulikumbukirabe mpaka lero. Funso linali lofuna tanthauzo la osimosisi, ndipo ine ndinalilandira ndi manja awiri, popeza tinali titadula kale tizidutswa ta mbatata ya kachewere, tina n'kutiika m'madzi wamba, tina m'madzi amchere wambiri. Ndinaona ndi maso anga ta m'madzi wamba titalimba gwa, pamene ta mumchere tinali titafota moti tinkapindika osathyoka. Ndinalemba mizere itatu yonse, kunena kuti ndi kuyenda kwa madzi kuchoka kumene alipo ambiri kupita kumene alipo ochepa, n'kuwonjezapo nkhani ya mbatata ija. Pepala litabwera, panali mzere wofiira ndi funso la aphunzitsi lakuti, "Kudzera pati?"

Ndinakwiya sabata yathunthu, ndipo ndinkauza aliyense kuti aphunzitsiwo akufuna kuti tiziloweza ngati zinkhwe. Zinanditengera nthawi kuvomera kuti olakwa ndinali ine. Tanthauzo la osimosisi lili ndi zigawo zitatu: chimene chikuyenda ndi mamolekyu a madzi, akuchoka kumene madziwo ndi ambiri kupita kumene ndi ochepa, ndipo akudutsa pa membureni yolola zinthu zina kudutsa n'kutsekereza zina. Mukachotsa gawo lachitatulo, zotsalazo zikungofotokoza difyushoni, ndipo wochonga alibe umboni woti mukudziwa kusiyana kwa ziwirizi. Mbatata yanga inali chitsanzo chabe, ndipo chitsanzo sichilowa m'malo mwa tanthauzo ngakhale chikome bwanji.

Nchifukwa chake sindigwirizana ndi anthu amene amauza ophunzira kuti bola kumvetsa, mawu alionse ndi abwino. Uphungu umenewu ndi wothandiza pa chimangirizo, koma pa funso la malikisi amodzi kapena awiri umapweteketsa, chifukwa wochonga mayeso a MANEB amakhala ndi mulu wa mapepala ndi ndondomeko ya mayankho patebulo, ndipo sangakuitaneni kuti mufotokoze zimene mumafuna kunena. Amapereka malikisi pa zimene zalembedwa basi.

Ena amaganiza kuti vutoli ndi la Chingerezi chokha, koma ngakhale pa Chichewa chathu chomwechi anthu amagwa. Mfotokozi ndi mawu amene amanena zambiri za dzina kapena mlowam'malo, pamene muonjezi ndi mawu amene amanena zambiri za mneni, mfotokozi kapena muonjezi mnzake. Matanthauzo awiriwa amayamba chimodzimodzi, ndipo malikisi onse ali kumchira. Wolemba kuti mfotokozi ndi "mawu ofotokoza zinthu" sananame, koma sanayankhenso. Mu Fizikisi muli msampha womwewo, pakuti wotanthauzira velosite osatchula kumene chinthu chalunjika wangotanthauzira liwiro.

Ndiyenera kudandaulanso za timabuku ta mafunso ndi mayankho timene ophunzira amabwerekana. Ine ndinali nako kamodzi kopanda chikuto, ndipo ndinapezamo tanthauzo la enzaimu longoti ndi chinthu chofulumizitsa kugayika kwa chakudya, osatchula kuti ndi puloteni kapena kuti yokhayo sisintha ntchitoyo ikatha. Kuloweza tanthauzo lotere ndi kuloweza cholakwa cha munthu wina.

Chochita

Sonkhanitsani mapepala a zaka zisanu zapitazi a phunziro limodzi, ndipo mulembe m'kope mawu onse amene anafunsidwa tanthauzo. Mapepalawo akuuzeni mawu amene amabwerabwera, koma tanthauzo lenilenilo mulitenge m'buku lovomerezeka la silabasi imene mukulemba, m'chiyankhulo chimene mudzayankhire, ndipo likhale la mzere umodzi. Kenaka phimbani liwu limodzilimodzi ndi chala n'kudzifunsa ngati zotsalazo zingathenso kutanthauza chinthu china. Ngati zingatero, liwu mwaphimbalo lidulireni mzere kunsi ndi kuliloweza ndendende monga lalembedwera, kalembedwe kake komwe. Mawu ena olumikiza mukhoza kuwasintha mmene mungafunire. Pambali pa tanthauzo lililonse lembani chiwerengero cha zigawo zake, monga 3 pa osimosisi, kuti m'chipinda cha mayeso muziwerenga pa zala musanapite ku funso lotsatira. Matanthauzo ofanana muziwaika moyandikana patsamba limodzi, ndipo podziyesa muzichita kulemba papepala buku lili chotseka, chifukwa ponena pakamwa munthu amadumpha liwu osazindikira.