Ka "s" kamene kanandichititsa manyazi ku Luwinga

"Achimwene, abwana andibwezera imelo katatu mwezi uno, ati ndikulakwitsa ndikalemba informations ndi equipments. Komatu zinthuzo zimakhala zambiri! Nanga cholakwika chili pati?" Wowerenga wa ku Chibavi.

Achemwali, funso lanuli landitosa pachilonda. Ine ntchito yanga yoyamba inali pa ofesi ina ku Luwinga. Unali mwezi wa Juni, kaja kamvula kamawawa ka ku Mzuzu kuno kakuwaza, zala zitauma gwa ndi chisanu. Abwana anandituma kulemba imelo yopita ku likulu, ine n'kulemba monyadira ndithu:

"Please find the informations you requested. The equipments have arrived and we are waiting for your feedbacks."

Mawa lake ndinapeza imeloyo ataipulinta, ataimata pa bolodi pafupi ndi pomwera tiyi, ma "s" atatu atazunguliridwa ndi bolopeni yofiira. Palibe anandiuza chifukwa chake. Anthu ankangoseka chamumtima akuvundula shuga m'makapu. Tsiku limenelo nkhomaliro ndinakadyera ndekha kutali.

Ndipo ndinene pano, chifukwa mpaka lero chimandiwawa: bwana wongozunguliza ka "s" osafotokoza ndi waulesi basi. Ambiri a iwo lamulolo salidziwa n'komwe, anangoloweza mawu anayi kapena asanu. Yemwe uja wa bolopeni yofiira, patapita miyezi iwiri, analemba yekha "office furnitures" m'kalata yopita kwa tonse. Ndinaiona, ndinangoti chete, paja ntchito inali ikadali ya poyeserera.

Chimene chimatigwetsa si umbuli ayi, ndi Chichewa chathu chomwechi. Ife timati malangizo, zipangizo, mauthenga, ndipo onsewa ndi mawu ochulukitsa. Langizo limodzi, malangizo awiri. Chipangizo chimodzi, zipangizo zitatu. Ndiye mutu ukaganiza "malangizo", chala chimathamangira ka "s" chokha. Si ife tokha: Afalansa m'chinenero chawo amalembadi informations, Ajeremani Informationen, n'chifukwa chake mudzaona azungu ena a m'mabungwe akulakwitsa chimodzimodzi, koma awo palibe amawamata pa bolodi.

Amene ananditsegula m'maso ndi mayi wina amene ndinkagulako ufa ku msika waukulu, ngakhale mwini wake sakudziwa. Ndinali pamenepo ndikumvetsera anthu akugula. Palibe anati "ndipatseni ufa utatu". Aliyense ankati mbale zitatu za ufa, ndowa imodzi ya chimanga, thumba la makala. Ufawo suwerengeka, chowerengeka ndi choyezeracho. Ndinaima pompo ndi jumbo yanga m'manja n'kuti, oho! Mngelezi advice amauona ngati ufa. Information ndi ufa, feedback ndi ufa, equipment, furniture ndi luggage chimodzimodzi. Ngakhale uchuluke bwanji, dzina lake silisintha. Chifukwa chomveka bwino choti advice asawerengeke pamene suggestion amawerengeka palibe, ndi mmene chinenerocho chinakulira, ndipo musalole munthu akunamizeni kuti ndi nkhani ya nzeru.

Nanga mulembe bwanji?

Kuchotsa ka "s" kokha sikukwanira, ndipo apa ndi pamene ndinagwanso kachiwiri. Ndinalemba "The equipment have arrived, please collect them", n'kumadziona ngati katswiri. Mawu oyandikana nawo ayenera kutsatira: has osati have, is osati are, this osati these, it osati them, much kapena a lot of osati many. Komanso osaika a kapena an patsogolo: "an advice" n'cholakwika, mumati "some advice". Imelo yanga ija inayenera kukhala:

"Please find the information you requested. The equipment has arrived and we are waiting for your feedback."

Mukafuna kuwerenga, tengani mbale yoyezera: two pieces of advice, three items of equipment. Koma ine ndimakonda kungotchula chinthucho. M'malo molimbana ndi equipment, lembani "2 laptops and 1 printer", wa ku likulu adziwiretu chimene chafika. M'malo mwa feedbacks, comments. M'malo mwa informations, details. M'malo mwa advices, suggestions. Amenewa amalandira "s" popanda mlandu.

Mukakayika, tsegulani dikishonale ya ophunzira Chingelezi: dzina likakhala ndi chizindikiro cha U pambali pake, ndi ufa, likakhala ndi C, liwerengeni. Chenjeraninso ndi damage. Denga likasasuka ndi mphepo lembani damage, chifukwa damages ndi ndalama zachipukutamisozi zimene khoti limalamula, ndipo mukalemba zimenezo abwana aganiza kuti mwawasumira.