Kodi mizere yakuda pa paketi ya zida za mano ndi umboni wokwanira?

"Sabata yatha ndinapita ndi mwana wanga kukachotsetsa dzino. Ndinafunsa ngati zida zawo zili zaukhondo, ndipo anandionetsa paketi yomwe inali ndi tepi ya mizere yakuda n'kunena kuti mizereyo ndiye umboni. Kodi ndi zoona? Nanga zida zimenezi amazisamala bwanji akamaliza ndi wodwala wina?" Wandilembera ndi mayi wina wa ku Zomba.

Mayi, amene anakuonetsaniyo sananame, koma anakuuzani mbali imodzi yokha. Tepi imeneyo ili ndi mankhwala omwe amada akakumana ndi nthunzi yotentha. Ikada, timadziwa kuti paketiyo inalowadi m'makina ophera tizilombo ndipo sinangotengedwa pa shelefu ya zida zimene zikudikira. Zakuti kutentha kunafika pamlingo woyenera kwa nthawi yokwanira, kapena kuti nthunzi inalowa mpaka m'kati mwa paketi, tepi siidziwa. Imatha kuda ngakhale makina atazima pakatikati.

Makinawo timawatcha otokilevi. Ndi mphika wachitsulo wotsekeka kwambiri, womwe umapanikiza nthunzi kuti itenthe kuposa madzi owira. Madzi a pa mbaula sapitirira madigiri 100, ndipo kumalo okwera monga Lilongwe kapena Dedza amawira asanafike n'komwe pamenepo. Kutentha kumeneku kumapha tizilombo tambiri, koma mabakiteriya ena, monga oyambitsa kafumbata, amapanga tinjere ta chikopa cholimba timene timapirira madzi owira. M'otokilevi nthunzi imafika madigiri 121 n'kukhala pamenepo mphindi zosachepera 15, kapena madigiri 134 kwa mphindi zosachepera 3, ndipo tinjere timeneti timafa. Mphindizi zimayamba kuwerengedwa kutentha kukafika pamlingo wake, osati pamene munthu wadina batani. N'chifukwa chake ulendo wonse, kuphatikizapo kutenthetsa ndi kuumitsa, umatenga theka la ola mpaka ola lathunthu.

Chinsinsi chonse chili poti nthunzi imapha chokhacho chimene yachikhudza. Chitsulo chikaphimbidwa ndi magazi ouma, kapena mpweya ukatsalira pakona ina, nthunzi siifika pamenepo. Zonse zimene ogwira ntchito amachita, kuyambira pa sinki mpaka pa kaundula, n'zolimbana ndi adani awiri amenewa, litsiro ndi mpweya.

Tiyambe ndi litsiro, chifukwa ntchito yambiri imawonongekera apa. Taganizirani chitsulo chozulira dzino la mwana wanu. Chili ngati pulaya, chili ndi mfundo pomwe mbali ziwiri zimapindikira, ndiponso timizere kukamwa kwake kuti chizigwira dzino osaterereka. Magazi ndi malovu zimalowa m'menemo. Mukudziwa mmene nsima imakanirira m'mbale ikagona osaviikidwa, ndipo magazi amachita chimodzimodzi, ndiye akapsa m'makina amamatirira koposa. Choncho chida chikachoka m'kamwa sachilola kuti chiume. Amachiika m'chidebe chotseka, chonyowa ndi madzi a sopo wapadera amene amasungunula magazi, n'kupita nacho ku chipinda chochapira. Madzi ochapirawo azikhala ofunda chabe, chifukwa otentha kwambiri amaphika magazi n'kuwalimbitsa pachitsulo.

Zipatala zina zili ndi makina ochapira okha, zina zili ndi kabafa kamene kamanjenjemeretsa madzi mpaka tithovu ting'onoting'ono tikusadzula litsiro m'mfundo ndi m'timizere. Zambiri kwathu kuno zimachapa pamanja, ndipo palibe cholakwika bola pakhale dongosolo: magolovesi okhuthala, chotchinga maso, burashi ya chogwirira chachitali, ndi kukwecha chida chili pansi pa madzi kuti zonyansa zisathovukire kumaso. Kachilombo ka matenda a chiwindi a mtundu wa B kamakhala kamoyo m'magazi ouma kwa masiku 7 kapena kuposerapo, choncho wochapayo nayenso ali pangozi akabayidwa. Mwina munamvapo za kuviika zida m'madzi a kolorini kwa mphindi 10 musanazichape. Njirayi inaphunzitsidwa kwa zaka zambiri, koma malangizo atsopano a bungwe la zaumoyo padziko lonse anaisiya, mwa zina chifukwa kolorini amadya chitsulo n'kusiya timaenje momwe litsiro limabisala.

Akatsukuluza, amaumitsa chida chilichonse n'kuchiyang'ana pa nyali yowala, mfundo ili chotsegula. Chikapezeka ndi kadontho kofiirira chimabwerera ku sinki. Kenako chimalowa m'paketi, mbali imodzi ya pepala, ina ya pulasitiki yoonekera, n'kuimata bwino, n'kulembapo tsiku ndi nambala ya ulendo umene ipsere. Nambala imeneyi ioneka kufunika kwake kutsogoloku.

Tsopano mpweya. Otokilevi yaing'ono wamba, ya gulu N, imathamangitsa mpweya pongoukankha ndi nthunzi. Imachita bwino pa zitsulo zopanda mphako zimene sizinakutidwe. Koma kamakina koboolera dzino kaja, kamene kamalira mokwiyitsa makutu, kali ndi timapaipi topyapyala m'kati, ndipo mpweya umakakamira m'menemo. Otokilevi ya gulu B ili ndi pampu imene imayamwa mpweya kangapo nthunzi isanalowe, ndiye ndiyo yoyenera zida zamphako ndi mapaketi. Ine ndikamalowa m'chipatala cha mano, chimene ndimafuna kudziwa msanga n'chakuti kamakina aka amakaika m'otokilevi pakatha wodwala aliyense, kapena amangokapukuta ndi sipiriti. Kupukuta sikukwanira, poti kamatha kuyamwa malovu ndi magazi kakamaima.

Ngakhale makina abwino amalephera ngati awapakira mothithikana. Mapaketi asasanjikizane mulu, aimikidwe chammbali ndi mpata pakati pake. Madzi othira m'makina akhale otchezedwa kuchokera ku nthunzi, opanda mchere, chifukwa a pa mjigo amasiya zoyera zimene zimatseka timapaipi. Ndipo paketi ikatuluka yonyowa amaiyesa yolephera, poti pepala lonyowa limalowetsa tizilombo tochokera m'manja ndi pa tebulo. Magetsi akazima ulendo usanathe, palibe zopitiriza pomwe analekezera: zida zimalowa m'mapaketi atsopano n'kuyambiranso.

Ndiye amadziwa bwanji kuti zatheka? Umboni woyamba uli pa makina penipeni. Woyang'anira amawerenga kutentha, kupanikizika ndi nthawi, kaya pa geji kaya pa kapepala kamene makina amasindikiza. Pa madigiri 134 geji ya kupanikizika imaonetsa pafupifupi `2 bar`, pa 121 pafupifupi `1 bar`. Amalemba m'kaundula n'kusaina. M'mawa uliwonse, pa makina a gulu B, amayamba ndi kuyesa ngati mpweya ukuchokadi. Njira yotchuka ndi ya Bowie-Dick, imene inafalitsidwa mu 1963: pepala la mankhwala limaikidwa pakati pa mtolo wothinana, ndipo likatuluka lasintha mtundu mofanana ponseponse ndiye kuti nthunzi inalowa. Likatsala ndi chigamba chotuwa pakati, pamenepo panatsalira mpweya. Pa zida zamphako pali inanso yotchedwa Helix, kapaipi kakatali kozengezazengeza kokhala ndi kapepala kumapeto kotseka.

Umboni wachiwiri ndi kapepala kamene amakaika m'kati mwa paketi, pafupi ndi chida. Kamtundu wabwino, ka gulu 5, sikasintha pokhapokha kutentha, nthawi ndi nthunzi zonse zitakwana. Aka ndiye kamanena zambiri kuposa tepi yakunja.

Wachitatu ndi umene ndimaukhulupirira koposa, chifukwa umayesa imfa yeniyeni. M'kabotolo kakang'ono muli tinjere ta bakiteriya wotchedwa Geobacillus stearothermophilus, amene sadwalitsa munthu koma amapirira kutentha kuposa tizilombo timene timaopa. Bungwe loona za matenda la ku Amereka, CDC, limalangiza zipatala za mano kuti ziziyesa motere kamodzi pa sabata.

Tiyerekeze kuti ndi Lolemba. Wothandizira dokotala waika kabotolo kamodzi m'paketi, pakati pa katundu wa ulendo nambala 212, malo amene nthunzi imavutika kufika. Ulendo utatha, wakafinya kuti madzi a chakudya cha bakiteriya, omwe ndi a mtundu wa pepo, asakanikirane ndi tinjere. Wakaika m'kabokosi kofunditsa pa madigiri 55 mpaka 60, pamodzi ndi kabotolo kachiwiri kamene sikanalowe m'otokilevi. Pakatha maola 24 mpaka 48, malinga ndi mtundu wake, kachiwiriko kayenera kusanduka kachikasu, kusonyeza kuti tinjere tinali tamoyo ndipo kabokosi kakugwira ntchito. Koyambako kayenera kukhalabe kapepo. Koma Lachitatu m'mawa apeza tonse tiwiri tili tachikasu, chonsecho tepi ya pa mapaketi onse a ulendo 212 inada bwinobwino.

Makinawo amaimitsidwa nthawi yomweyo. Atsegula kaundula: kutentha kunafika 134, nthawi inakwana, koma Lolembalo kunali odwala ambiri ndipo mapaketi anapakiridwa mothinana mpaka kukhudza makoma. Kawirikawiri vuto limakhala lotere, la munthu osati la makina. Amayesanso ndi katundu wopakira bwino. Kabotolo kakakhala kapepo, makina amabwerera pa ntchito ndipo onse amaphunzitsidwanso kapakiridwe. Kakasandukanso kachikasu, amaitana mmisiri aone labala wa pachitseko, pampu ndi geji, ndipo mapaketi onse opsa kuyambira tsiku limene mayeso anakhoza komaliza, tinene ulendo 190 mpaka 212 ndi otsatira ake, amachotsedwa pa shelefu n'kukonzedwanso. Popanda nambala pa paketi sakanadziwa oti achotse. Makina okonzedwawo sagwiranso ntchito mpaka atakhoza mayeso a tinjere katatu motsatizana.

Mukadzapitanso ndi mwana, mayi, onani kuti paketi ikutsegulidwa pamaso panu, ndi youma, yosang'ambika, ndipo ili ndi tsiku. Suzumirani ngati muli kapepala m'kati. Jakisoni wa dzanzi ndi kabotolo ka mankhwala ake zikhale zatsopano, izi sizilowa m'otokilevi, n'zotaya. Ndipo ngati mukufuna funso limodzi loti mufunse mwaulemu, funsani kuti, "Adokotala, mayeso a tinjere munapanga liti komaliza?" Kumene amachitadi zimenezi amangotenga kaundula n'kukuonetsani tsiku lake.