Uthenga wonena kuti "onani pamwambapa" pomwe pamwamba palibe kanthu

"Abale ndithandizeni. Ndine mlembi wa gulu lathu la pa WhatsApp. Ndikalemba kuti 'monga ndanena kale' kapena 'onani pamwambapa', ena amandifunsabe zomwezo. Kodi anthu sawerenga, kapena vuto ndi ine?"

Alembi, ambiri mwa ofunsawo amawerenga ndithu, koma chimene mukuona inu pafoni yanu si chimene akuona iwo. Mawu oti "pamwambapa" ali ngati chala choloza: amathandiza ngati nonse mukuyang'ana chinthu chimodzi.

Munthu amene walowa kumene m'gulu amayamba kuona mauthenga kuchokera pa nthawi imene walowa, pokhapokha wina amutumizire akale. Wina wasintha foni osasunga mauthenga ake, wina wafufuta zonse chifukwa malo anatha. Ngati gulu linatsegula `Disappearing messages`, uthenga umazimiririka wokha pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90, malinga ndi zimene munasankha. Onsewa akakwera pamwamba sapeza kanthu, ndipo ena amachita manyazi kufunsa, amangojomba kumsonkhano.

Njira imene imasokoneza kwambiri ndi yopatsirana uthenga. Tiyerekeze kuti mwagwiritsa ntchito `Reply` poyankha funso la wina, ndipo mwalemba kuti: "Monga ndanena kale, msonkhano uja wasintha, ndi mawa malo omwe aja. Bweretsani zija." M'gulu mwanu zikumveka, chifukwa funsolo likuoneka pamwamba pa yankho lanu. Koma membala wina akadina `Forward` kutumizira mnzake amene sali m'gulumo, funso lija limatsala, amapita ndi mawu anu okha. Wolandirayo sadziwa kuti ndi msonkhano uti, "mawa" ndi liti poti mwina uthengawo wamufika patapita masiku awiri, malo ndi ati, ndipo "zija" ndi chiyani. Mu uthenga umodzi muli zinthu zinayi zimene sangazidziwe.

Chochita n'chakuti paliponse pamene mwaloza, ikanipo chinthu chenichenicho. Uthenga womwewo ukhale chonchi: "Msonkhano wa komiti wosankha msungichuma wasintha tsiku. Sukhalanso Lachisanu pa 13 Juni, ukhala Loweruka pa 14 Juni, 2 koloko masana, m'chipinda nambala 4. Aliyense abweretse chiphaso chake cha umembala." Taonani kuti tsiku lakale lalembedwa pamodzi ndi latsopano. Zimenezi n'zofunika, chifukwa amene ali ndi mauthenga onse awiri amadziwa woti atsatire, ndipo amene sanaone woyamba sasowa kanthu. Uthengawu watalikirapo pang'ono, koma wakupulumutsani ku mafunso ambirimbiri.

Musanatumize, phimbani ndi dzanja zonse zimene zili pamwamba pa uthenga wanu, muuwerenge wokha. Sakani timawu monga uja, zija, omwe aja, kale, pamwambapa, m'munsimu, lero, mawa. Pa kalikonse dzifunseni ngati munthu amene walandira uthenga wokhawu angadziwe chimene kakunena. Ngati sangadziwe, lembani dzina, tsiku kapena nambala.

Ena amati kukhoma uthenga ndi `Pin` kumathetsa zonse. Kumathandiza, koma nako kuli ndi nthawi yake, maola 24, masiku 7 kapena masiku 30, kenaka uthengawo umachoka pamwamba. Zinthu zokhalitsa monga malamulo a gulu ndi masiku okumanirana zimakhala bwino mu `Group description`, chifukwa olowa kumene nawo amaziona. Mukatero, nenani kuti "malamulo ali mu `Group description`, lamulo lachitatu", osati "malamulo aja".

Pa Facebook vuto limabwera mwa mtundu wina. Ndemanga nthawi zambiri zimasanjidwa pa `Most relevant`, osati motsatira nthawi imene zinalembedwa, choncho "amene ayankha pamwambapa akunena zoona" akhoza kuoneka pansi pa ndemanga ya munthu amene simukugwirizana naye n'komwe. Tchulani dzina la munthuyo ndi mfundo yake m'mawu ochepa.

Sikuti mawuwa ndi oletsedwa. Mukamacheza awiri, uthenga wapitawo ukuoneka pomwepo, palibe cholakwika. Koma m'gulu ine ndingakulangizeni kuti "monga ndanena kale" mungomusiyiratu, ngakhale mutabwereza zonse bwinobwino. Amene sanaone uthenga woyamba amamva ngati mukumudzudzula pa chinthu chimene sichinamufike, ndipo ulendo wina safunsanso. Munthu akafunsa zimene munayankha kale, koperani uthenga wathunthu uja muutumizenso, ndipo ngati mwasintha kanthu lembani pamzere woyamba tsiku limene mwasinthalo.