Amuna anga amauza mayi awo chilichonse cha m'nyumba mwathu

Zikomo Azakhali,

Takhala pabanja zaka zitatu koma mphatso ya mwana sitinaione. Mwezi wathawu ndinakayezetsa kuchipatala, zotsatira n'kuwauza amuna anga tili kuchipinda. Sabata isanathe apongozi anabwera ndi botolo la mankhwala achikuda, alamu anga nawo n'kulemba pagulu la WhatsApp la kwawo kuti andipempherere. Malipiro anga amawadziwa, tikakangana usiku m'mawa foni yalira kale. Ankhoswe athu tinawaona komaliza tsiku la ukwati. Pano ndangosiya kuwauza zinthu amuna angawo. Ndichite chiyani?

Wokhumudwa, Lilongwe

Mayi,

Amuna anuwo analakwa. Zotsatira za kuchipatala ndi za mwini thupi, ndipo wouzidwa alibe ufulu wozigawa. Apongozi sindiwakalipira, anachita zomwe mayi aliyense amachita akauzidwa zotere.

Chomwe chandigwira mtima ndi chiganizo chomwe mwangochiponya kumapeto: ankhoswe munawaona komaliza pa ukwati. Zaka zitatu!

Anthu amakonda kunena kuti banja ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule. Ine mawu amenewa sindigwirizana nawo kwenikweni. Munthu zikamuvuta m'nyumba amafuna womuuza, ndipo mukamutsekera njira zonse amatsegula yake. Makolo athu ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake pachinkhoswe mbali iliyonse imapereka ankhoswe ake. Nkhoswe amasiyana ndi mayi kapena mnzako wa kuntchito pa zinthu zitatu. Anavomerezedwa ndi mbali zonse ziwiri. Sagamula atamva mbali imodzi, amakumana kaye ndi nkhoswe mnzake. Ndipo udindo wake ndi woti banja lilimbe, pamene mayi udindo wawo ndi woteteza mwana wawo. Mwamuna akadandaula kwa mayi ake, mawa inu awiri mugwirizana n'kuiwala, koma mayiwo sanaone kugwirizanako. Iwo asungabe za mkangano zokhazokha, chaka ndi chaka, mpaka mkazi wabwinobwino asanduke woipa m'maso mwawo.

Lero ankhoswe tawasandutsa ovala suti, osaina kaundula ndi olandira nkhuku. Tikusankha amalume oti ali ndi galimoto kapena okhala ku Joni, osati munthu wosunga chinsinsi amene angafike pakhomo tikamuitana. Ndiye tidabwe chiyani nkhani zikamathera pa WhatsApp?

Nanunso ndikudzudzuleni. Kusiya kuwauza zinthu amuna anu sikuika malire, chifukwa iwo sakudziwa n'komwe kuti pali lamulo latsopano. Angoona kuti mwayamba kubisa, ndipo zimenezonso akakawauza mayi awo omwewo.

Sankhani nthawi yomwe simunakangane, muli awiri, mafoni ali patali. Tchulani nkhani imodzi yokha, ya botolo ija. Mukayamba ndi “nthawi zonse mumaulula”, ayamba kutsutsa za nthawi zonsezo, nkhani yeniyeni n'kusowa. Nenani kuti: “Zotsatira zija ndinauza inu nokha. Apongozi atabwera ndi mankhwala ndinachita manyazi, ndipo pano ndikuopa kukuuzani zina.”

Kenaka gawani nkhani zanu momveka, chifukwa mawu oti “zachinsinsi” aliyense amawamva mwake. Zakuchipinda ndi zakuchipatala sizituluka popanda chilolezo cha mwini wake. Zandalama achibale angauzidwe zomwe mwagwirizana, monga kuti mwezi uno simutumiza ya feteleza, koma osati malipiro a munthu kapena ngongole zake. Mikangano muziipatsa masiku awiri kapena atatu. Ikakanika ipite kwa ankhoswe, nonse mukudziwa. Lamuloli likumanganso inu, ngakhale kwa achemwali anu.

Gwirizananinso yankho loti amuna anu azipereka akafunsidwa, poti ambiri amaulula chifukwa chosowa chonena mayi akawapanikiza. “Amayi, tikuthandizidwa kuchipatala, pakakhala nkhani tidzabwera tonse awiri” n'zokwanira. Anene ndi iwo, osati inu. Mkamwini kapena mtengwa akamaletsa apongozi kufunsa mwana wawo, mlandu umasanduka wa mwano. Za uthenga wa pagulu uja auzenso okha alamu anu kuti asadzabwerezenso.

Zikachitikanso mutakambirana, pitani kwa nkhoswe wanu, iye akaitane wa kuchimuna. Ngati amene munasankha ali kutali kapena ndi apakamwa, pemphani akuluakulu a banja akupatseni wina.

Malirewa sakhudza nkhanza. Kumenyedwa kapena kuopsezedwa si chinsinsi cha m'banja: lamulo la 2006 loteteza anthu ku nkhanza za m'banja lilipo, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza.

Chinanso, kalata yanu ikuti “ndinakayezetsa”, osati “tinakayezetsa”. Banja likatha chaka likuyesa popanda pathupi, achipatala amayeza onse awiri, ndipo kuyeza umuna n'kosavuta poyerekeza ndi zomwe mkazi amadutsamo. Apite nawonso. Zotsatira zawo zikatuluka, afunseni ngati angakonde kuti zikalembedwe pagulu la kwanu.

Azakhali